Kalata Yofunsira Maphunziro a Udokotala wa Ziweto, Mankhwala kapena Mano

Ku Britain, ofuna maphunzirowa amalembera kudzera ku UCAS. Ofuna udokotala wa mano kapena wa ziweto amayenera kutumiza zonse pofika pakati pa Okutobala. Kalata yodzifotokoza siipitirira zilembo 4,000, choncho mawu oti "ndimakonda ziweto" amangodya malo pachabe.

Osankha ophunzira amafuna kumva zimene munaona ndi zimene munatolapo. Tiyerekeze mtsikana amene anathandiza pa famu nkhosa zikubereka. M'malo motchula mafamu onse amene anayendera, afotokoze za kankhosa kamodzi kamene kanabadwa kofooka, chifukwa chake anafulumira kukamwetsa mkaka woyamba, ndiponso mmene mlimi anayerekezera mtengo wa chithandizo ndi mtengo wa chiwetocho.

Kenako asonyeze kuti akudziwa kulemera kwa maphunzirowo: zaka 5 m'mayunivesite ambiri, kugwira ntchito m'mafamu pa tchuthi, kuyendera malo ophera nyama, ndi kupha chiweto chimene sichingachire. Wofuna zamankhwala atchule zaka 4 ndi chaka china chophunzira pantchito asanalembetsedwe.

Musakokomeze, chifukwa pokufunsani mafunso angabwerere ku zimene munalembazo.