Tsiku limene azamba amafunsa pa sikelo, ndi mmene amaliwerengera

Mayi woyembekezera akafika koyamba ku sikelo, kaya ndi pa chipatala cha boma cha Chikwawa, ku Ngabu, ku Montfort ku Nchalo kapena pa chipatala cha boma cha Nsanje, funso limene azamba salephera kufunsa ndi lakuti: "Munasamba komaliza liti, mayi?" Yankho lake amalilemba m'kabuku ka kuchipatala pamalo a zilembo LMP, ndipo pafupi pake, pa zilembo EDD, amalemba tsiku limene mayiyo akuyembekezeka kuchira. Masiku a sikelo, nthawi yoyamba kumwa fansida ndi nthawi yopita kuchidikiro, zonsezi amazitenga pa tsiku loyambalo. Likalakwika, enawo amalakwikanso.

Tsiku lofunika ndi limene magazi anayamba kutuluka pa msambo womaliza. Amayi ambiri amatchula lina: ena amanena tsiku limene anamaliza kusamba, ndipo ambiri amatchula mwezi umene anadumpha. Mayi amene anasamba mu Meyi, n'kudikira mu Juni osaona kanthu, akangoyankha kuti "Juni", pakati pake palembedwa kuti ndi pang'ono ndi masabata anayi kuyerekeza ndi mmene palilidi. Azamba aluso amafunsa kawiri chifukwa cha zimenezi, ndipo mayi amene wazindikira kuti anatchula mwezi wolakwika asachite manyazi kukonza, ngakhale atalemba kale.

Wina angadabwe kuti bwanji kuwerenga kumayambira pa tsiku limene mayi anali asanatenge n'komwe pakati. Tsiku lenileni lotengera pakati palibe amaliona, pamene la msambo mayi amalidziwa. Kwa mayi amene amasamba pakatha masiku 28 alionse, dzira limakhwima patapita pafupifupi masiku 14 kuchokera pa tsiku loyamba kusamba. Choncho azamba akanena kuti pakati pali ndi masabata 12, mwana wakhala akukula kwa masabata pafupifupi 10. Dziko lonse limawerenga motere, ndipo pakati ponse amapatenga kuti ndi pa masiku 280, omwe ndi masabata 40. Pa kalendala imeneyi ndi miyezi isanu ndi inayi ndi sabata imodzi. Agogo amene amawerenga poyang'ana mwezi kumwamba n'kunena kuti mwana amabadwa mwezi wachikhumi ukaoneka sanalakwe kwenikweni, angowerenga miyezi yaifupi.

Tiyerekeze mayi wa ku Makhanga amene anayamba kusamba komaliza pa 10 Meyi 2025. Njira yachidule, imene madokotala amaitcha lamulo la Naegele potengera dzina la dokotala wa ku Germany, ndi yoonjezera masiku 7 kenaka miyezi 9. Pa 10 Meyi tikaonjezera masiku 7 tifika pa 17 Meyi. Tikawerenga miyezi 9 kuchokera pamenepo, Juni ukhale woyamba, tifika pa 17 Febuluwale 2026. Ena amakonda kubwerera m'mbuyo miyezi 3 n'kuonjezera chaka, yankho limakhala lomwelo. Pofunika kusamala ndi pamene tsiku lili kumapeto a mwezi. Mayi wina atasamba pa 28 Meyi, masiku 7 aja amulowetsa mu Juni, pa 4, ndiye miyezi 9 iwerengedwe kuchokera mu Juni, kufika pa 4 Malichi. Woiwala kusintha mwezi amalemba 4 Febuluwale, n'kulakwitsa ndi mwezi wathunthu.

Azamba ambiri sawerenga pamutu. Amakhala ndi kagudumu ka pepala lolimba kokhala ndi miyezi ndi masabata, ena amagwiritsa ntchito foni. Kwa mayi wathu wa pa 10 Meyi, kuwerenga masiku 280 limodzi ndi limodzi kumafika pa 14 Febuluwale, osati pa 17. Kusiyanaku kumabwera chifukwa miyezi ina ili ndi masiku 30, ina 31, ndipo njira yachidule ija silabadira zimenezo. Masiku atatu otere asamudetse nkhawa munthu.

Kudziwa msinkhu wa pakati pa tsiku la sikelo n'kuwerenga masiku onse kuchokera pa tsiku la msambo, n'kugawa ndi 7. Mayi uja abwere pa 2 Ogasiti. Mu Meyi munatsala masiku 21, Juni ali ndi 30, Julayi 31, ndipo mu Ogasiti apita 2. Onse pamodzi ndi 84, ndipo kugawa ndi 7 kukupereka masabata 12 ndendende. Akanabwera pa 5 Ogasiti, azamba akanalemba masabata 12 ndi masiku 3.

Mayi ameneyu wafika pa nthawi yabwino. M'chaka cha 2016 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aonedwe kasanu n'katatu m'malo mwa kanayi ngati kale, ndipo dziko la Malawi linatsatira. Ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira, ena abwere pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Kuno kuchigwa cha Shire, kumene malungo ndi a chaka chonse, chiwerengerochi chimakhudzanso fansida: sapatsidwa masabata 13 asanakwane, ndipo akayamba, pakati pa kumwa kumodzi ndi kwina pamadutsa mwezi. Mayi wa chitsanzo chathu angayambe pa 9 Ogasiti kapena pambuyo pake. Ndimamva chisoni ndi mwambo wobisa pakati mpaka mimba itaonekera poopa anthu a maso oipa. Kubisira anthu a pamudzi ndi ufulu wa mayi, koma akabisiranso azamba amataya miyezi imene akanatetezedwa ku malungo, ndipo pofika mwezi wachisanu tsiku la msambo lija amakhala ataliiwala.

Kuwerenga kumeneku kuli ndi malire ake. Kumakhulupirika kwa mayi amene msambo wake umabwera mwa ndondomeko. Amene amasamba pakatha masiku 35 dzira lake limachedwa ndi sabata, ndiye tsiku lochira liyenera kusunthidwa sabata imodzi kutsogolo. Amene anali pa jakisoni wolera wa miyezi itatu amatha kukhala nthawi yaitali osasamba atasiya, ndipo pakati pamatha kubwera msambo usanabwerere. N'chimodzimodzi amene watenga pakati akuyamwitsa. Palinso amayi amene amaona timagazi pang'ono ali kale ndi pakati, n'kuyesa kuti asamba. Mayi auze azamba zonsezi momveka. Ngati tsiku sakulikumbukira, kuli bwino kunena kuti sakulikumbukira kusiyana n'kupeka kuti mzere wa pa sikelo uyende. Nthawi zina limapezeka pofunsa zochitika: kunali kusanayambe kuthyola thonje? Maliro a uje anali atachitika? Kunali tsiku la msika wa ku Bangula kapena Lamulungu la Pasaka?

Azamba ali ndi njira zotsimikizira. Amagwira pamimba n'kupeza pamene chiberekero chalekezera. Pa masabata pafupifupi 12 chimayamba kumveka pamwamba pa fupa la pachinena, ndipo pa masabata 20 chimafika pa mchombo. Kuchokera pa masabata 24, akayeza ndi tepi kuchokera pa fupalo, masentimita amayandikana ndi masabata, kusiyana kwake ndi awiri kapena atatu. Mayi wa pa 10 Meyi akwanitsa masabata 20 pa 27 Seputembala. Ngati tsiku limenelo chiberekero chadutsa mchombo ndi zala zinayi, pali chofunika kufufuza: mwina tsiku linalakwika ndi mwezi, mwina ndi mapasa, mwina madzi achuluka. Chikakhala chaching'ono kwambiri, mwina pakati ndi pang'ono kuposa mmene analembera, kapena mwana sakukula bwino. Kugunda koyamba kwa mwana kumathandizako pang'ono. Wa pakati poyamba amakumva pa masabata 18 mpaka 20, amene anaberekapo amakumva msanga.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi sikani yochitika msanga, ndipo WHO imalangiza kuti mayi aunikidwe kamodzi masabata 24 asanakwane. Sikani ya m'miyezi itatu yoyamba imaphonya ndi masiku osapitirira sabata, pamene ya kumapeto imatha kuphonya ndi masabata atatu, chifukwa ana a msinkhu umodzi amasiyana kukula akamayandikira kubadwa. N'chifukwa chake tsiku limene lakhazikitsidwa ndi sikani yoyambirira silisinthidwa ndi sikani ya mwezi wachisanu n'chitatu. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe makinawa, ndipo mayi amene tsiku lake likukayikitsa afunse azamba kuti amutumize kumene aliko nthawi ikadalipo.

Tsiku la EDD si lonjezo. Ana obadwa pa tsiku lenilenilo ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa makumi awiri. Mwana amatengedwa kuti wakwana masiku kuyambira masabata 37, ndipo akadutsa 42 ndiye kuti wachedwa. Kwa mayi wathu, potsatira masiku owerenga limodzi ndi limodzi, nyengo imeneyi ikuyamba pa 24 Januwale 2026 n'kutha pa 28 Febuluwale. Matenda akayamba kapena nsupa ikasweka pa 24 Januwale pasanafike, mwanayo ndi wosakwana masiku, ndipo mayi athamangire kuchipatala chokhala ndi chisamaliro cha ana otere. Vutoli ndi lalikulu kwathu kuno: lipoti la dziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa masiku asanakwane. Mbali inayo, akafika masabata 41, pa 21 Febuluwale, matenda osayamba, asakhale pakhomo kumwa mankhwala azitsamba ofulumizitsa. Apite akaonedwe, madokotala ndiwo aone ngati n'koyenera kuyambitsa matendawo.

Masiku amenewa, Januwale mpaka Malichi, anthu a m'chigwa cha Shire amawadziwa bwino. Madzi a mu Januwale 2015 anasandutsa Makhanga chilumba, chofikika ndi bwato kapena ndege basi. Namondwe Ana anadula msewu wa M1 ku Chikwawa mu Januwale 2022, ndipo Freddy anabwera mu Malichi 2023. Kwa mayi amene anasamba komaliza pakati pa Epulo ndi Juni, nyengo yochira imagwera m'miyezi yomweyi, ndipo banja likhoza kudziwa zimenezi miyezi isanu n'umodzi madzi asanabwere. Amayi okhala kutali, komanso amene anachitidwapo opaleshoni kapena ali ndi mapasa, amalangizidwa kukadikirira pafupi ndi chipatala, kawirikawiri masabata 36 akamakwana. Kwa mayi wa ku Makhanga uja limeneli ndi 17 Januwale. Abambo ndi apongozi alidziwe tsikuli kuyambira mu Ogasiti, kuti ufa, nkhuni, zitenje, ndalama ya kabaza ndi munthu womudikirira zikonzedwe, komanso agwirizane ndi azamba ngati akadikirire ku Trinity ku Muona, tsidya lawo lomwelo, kapena awoloke Shire madzi asanakwere. Kabuku kaja kasungidwe m'jumbo yomanga bwino, chifukwa kakanyowa n'kufufutika, azamba a kuchipatala china adzayamba kuwerenga ndi tepi yokha, pa nthawi imene tepi ndi sikani zonse zimaphonya kwambiri.