Uthenga Wolembedwanso: Kutsimikiza Kuti Masiku, Ndalama, Mayina ndi Malonjezo Sizinasinthe

Uthenga ukalembedwanso, kaya kuti ufupike, umveke mwaulemu kapena ufike kwa anthu m'chinenero chawo, mawu ake ambiri amatha kusintha popanda vuto. Moni, mathokozo ndi mafotokozedwe zingachepe kapena kuchokeratu. Koma pali zinthu zinayi zimene anthu amachitapo kanthu akawerenga: tsiku, kuchuluka kwa ndalama kapena katundu, dzina la munthu kapena malo, ndi lonjezo. Chimodzi mwa izi chikasuntha, uthengawo umakhala wina, ngakhale ukumveka bwino kuposa woyamba uja.

Ntchito yolembanso imagwera kwambiri alembi a makalabu a alimi, a mabanki mkhonde, a makomiti a sukulu ndi a mipingo. Kalata ya tsamba lathunthu imafika, ndipo mlembi amayenera kuifinya kuti ilowe mufoni. Uthenga umodzi wa SMS umatenga zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo mukalowa chilembo ngati ŵ malowo amatsika kufika pa 70. Kupanikizika kumeneku n'kumene kumadulitsa mawu, ndipo amene amayamba kudulidwa ndi aang'onoang'ono monga "ngati", "theka" ndi "osapitirira". Tsoka lake, ameneŵa ndi amene amanyamula pangano.

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa mmene zimakhalira. Kalabu ya alimi a soya yalandira kalata kuchokera kwa wogula. Kalatayo ikuti iye adzagula soya pa K1,200 pa kilogalamu, matumba osapitirira 80 a makilogalamu 50, ngati soyayo ndi wouma ndiponso wopetedwa. Soya ayenera kufika kunyumba yake yosungiramo katundu ku Mponela pofika Lachisanu pa 11 Julayi 2025. Theka la ndalama adzapereka tsiku loyeza pasikelo, theka linalo mkati mwa masiku 14. Galimoto yonyamula idzalipiridwa ndi kalabu, ndipo malisiti adzaperekedwa kwa msungichuma.

Mlembi, ali m'changu, walembera mamembala motere: "Alimi nonse, wogula adzatenga soya wathu yense pa K60,000 thumba, Lachisanu pa 17 Julayi ku Mponela. Ndalama tsiku lomwelo. Galimoto adzalipira. Malisiti kwa wapampando." Uthengawu ndi wosalala ndipo palibe amene angaukayikire pongouwerenga. Kungowerenga sikugwira zolakwa zoterezi, chifukwa mlembi amadziwa kale zimene kalata inanena, choncho maso ake amaona zimene zili m'mutu m'malo mwa zimene zili pafoni.

Njira yodalirika imayambira pa kalata yoyambayo, uthenga watsopano utaikidwa kaye pambali. Wofufuza amatenga cholembera n'kudula mzere kunsi kwa tsiku lililonse, nambala iliyonse, dzina lililonse ndi chiganizo chilichonse chonena kuti wina adzachita chakuti. Kenako amazilemba papepala lina, chinthu chimodzi pamzere wake. M'kalata ya wogulayu mukutuluka mizere khumi: mtengo, kuchuluka kwa matumba, kulemera kwa thumba, mkhalidwe wa soya, malo, tsiku, theka loyamba, theka lachiwiri, wolipira galimoto ndi wolandira malisiti. Akatero amafunafuna mzere uliwonse mu uthenga watsopano n'kuuchonga ngati ulimo monga mmene unalili.

Tsiku limafufuzidwa ndi kalendala, ndipo kalendala imagwira zambiri. M'chaka cha 2025, tsiku la 17 Julayi linali Lachinayi, osati Lachisanu. Kusagwirizana kumeneku kukanaulula cholakwa ngakhale kalata yoyamba itasowa. Chiyambi chake n'chodziwika: m'zolemba pamanja 1 ndi 7 amafanana, makamaka pamene wolemba amaika kamchira pamwamba pa 1. N'chifukwa chake kulemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti sikuwononga malo. Ziwirizi zimachitirana umboni. Mwezi nawo ndi bwino kuulemba m'mawu. Ku Malawi 11/07 ndi 11 Julayi, koma ku America, kumene amayamba ndi mwezi, amawerenga kuti 7 Novembala, ndipo mabanja okhala ndi abale kumeneko amakumana nazo zimenezi pokonza maukwati ndi ziliza.

Palinso mawu ozungulira tsikulo. Kalata inati "pofika pa 11", kutanthauza kuti soya angapite ngakhale pa 8 kapena pa 9, bola asadutse pa 11. Uthenga watsopano wasandutsa malirewo kukhala tsiku limodzi lokumana. Mawu monga "mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" ndi oopsa mwanjira ina: amadalira tsiku limene uthenga unalembedwa, ndipo uthenga wa pafoni umatha kutumizidwa kwa ena patapita masiku atatu. Polembanso, mawu otere amasinthidwa kukhala deti lenileni.

Nambala zimafufuzidwa kawiri, pozifanizira ndi pozichita masamu. K60,000 mulibe m'kalata yoyamba, koma si cholakwa: K1,200 kuchulukitsa ndi 50 ndi K60,000. Vuto ndi lakuti uthengawo wataya kulemera kwa thumba. Mlimi amene wadzaza thumba lake kufika makilogalamu 44 adzayembekezera K60,000, pamene sikelo idzamupatsa K52,800, ndipo mkangano wake udzakhala ndi mlembi. Nambala iliyonse imayenda ndi muyeso wake, kaya ndi kilogalamu, thumba, ndowa kapena mwezi, ndipo ziwirizi zimachongedwa limodzi. Zimenezi zimakhudzanso mtundu wa ndalama. Malawi ndi Zambia onse amatchula ndalama zawo kuti kwacha ngakhale mphamvu zake n'zosiyana kutali, kotero uthenga wopita kwa anthu a ku Mchinji ndi Chipata uyenera kunena kwacha yake.

Masamu amathandizanso kugwira ziro wosowa kapena wowonjezera. Matumba 80 pa K60,000 ndi K4,800,000, ndipo theka lake ndi K2,400,000. Uthenga ukanena K240,000, kuchulukitsako kumaonetsa msanga kuti ziro mmodzi wagwa. Pofanizira nambala zazitali, monga za akaunti kapena za foni zomwe ku Malawi zimakhala ndi manambala khumi, anthu awiri amachita bwino kuposa mmodzi. Wina amawerenga mokweza kuchokera pa kalata yoyamba, nambala imodziimodzi, mnzake akutsatira ndi chala pa uthenga watsopano. Kuwerenga m'magulu, monga "fifite-sikisi", kumabisa kusinthana kwa 56 ndi 65.

Mayina amasokonezeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kalembedwe, pamene chilembo chimodzi chasintha, kapena foni yakonza yokha dzina limene silikudziwa. Yachiwiri ndi kufupikitsa. Kalabu imodzi ingakhale ndi a Banda atatu ndi a Phiri anayi, ndiye dzina loyamba likadulidwa uthengawo suloza munthu aliyense. M'chitsanzochi udindo ndi umene wasintha: malisiti achoka kwa msungichuma n'kupita kwa wapampando, mwina chifukwa mlembi anazolowera kuti zinthu zimafikira kumeneko. Malo nawonso achepa. Mponela ndi tawuni yonse, ndipo "ku Mponela" basi kungatumize ngolo kumsika pamene wogula akudikira kunyumba yake yosungiramo katundu.

Malonjezo ndiwo ovuta kwambiri, chifukwa alibe maonekedwe oti diso ligwire ngati mmene limagwirira nambala. Lonjezo lililonse limafunsidwa mafunso anayi: akulonjeza ndani, akulonjeza chiyani, liti, ndipo pakhale zotani kuti lichitike. Wogula analonjeza matumba osapitirira 80. Uthenga wati "yense". Ngati kalabu yakolola matumba 110, alimi a matumba 30 adzabwerera nawo kumudzi atalipira kale galimoto. Analonjeza theka tsiku loyeza, ndipo soya akayezedwa pa 11 theka linalo lingafike mpaka pa 25 Julayi. Uthenga wati ndalama zonse tsiku lomwelo. Mawu akuti "ngati soya ndi wouma ndiponso wopetedwa" asoweratu, ndipo lonjezo lokhala ndi malire lasanduka lopanda malire.

Chiganizo chakuti "galimoto adzalipira" chili ndi msampha wake. M'Chichewa, "a-" wa kumayambiriro kwa mneni amaimira munthu mmodzi, anthu ambiri kapena munthu wolemekezeka, choncho chiganizocho sichikunena wolipira. Popeza munthu womaliza kutchulidwa ndi wogula, alimi ambiri adzamva kuti ndi iyeyo. Pa lonjezo lililonse wochitayo ayenera kutchulidwa ndi dzina kapena udindo. Mphamvu ya mneni imayang'anidwanso: "adzapereka", "angapereke" ndi "ayesetsa kupereka" ndi mapangano atatu osiyana, ndipo wolemba wofuna kusangalatsa anthu amakonda kukweza lofooka kukhala lamphamvu, pamene wofuna ulemu amafewetsa lamphamvu.

Mizere yonse ikachongedwa, kufufuzako kumabwerezedwa chobwerera. Tsopano wofufuza amayambira pa uthenga watsopano, n'kufunsa za mfundo iliyonse kuti yachokera pati m'kalata. Ulendo woyamba umagwira zimene zatayika, wachiwiri umagwira zimene zalowa zokha, monga "yense" ndi "wapampando". Ambiri amalekera pa ulendo woyamba, komatu zowonjezera n'zimene zimapweteka kwambiri, chifukwa anthu amazikhulupirira ngati mawu a mwini kalata. Pakompyuta, lamulo la Compare mu Microsoft Word limaonetsa mawu osiyana pakati pa zolemba ziwiri, koma limathandiza pokhapokha zosinthazo zikakhala zochepa. Uthenga ukalembedwanso wonse, pafupifupi mzere uliwonse umaoneka wosintha ndipo cholakwa chenicheni chimabisala pakati pa enawo.

Uthenga wokonzedwa ungakhale wotere: "Wogula adzagula soya wouma, wopetedwa, matumba osapitirira 80 a makilogalamu 50, pa K1,200 pa kilogalamu. Afike kunyumba yake yosungiramo katundu ku Mponela pofika Lachisanu pa 11 Julayi. Theka la ndalama tsiku loyeza, theka mkati mwa masiku 14. Galimoto idzalipiridwa ndi kalabu. Malisiti kwa msungichuma." Wadutsa zilembo 160 ndipo upita ngati mauthenga awiri, mtengo wochepa pouyerekeza ndi wa galimoto yobwerera ndi katundu.

Kufufuza kotere kuli ndi polekezera. Kumatsimikiza kuti mauthenga awiriwo akugwirizana, osati kuti woyambayo ndi wolondola kapena womveka. Kalata ya wogulayu, mwachitsanzo, sikunena ngati masiku 14 aja akuphatikiza Loweruka ndi Lamulungu. Mlembi sayenera kusankha yekha tanthauzo n'kulilemba ngati kuti ndi la wogula. Amafunsa mwini kalata, ndipo yankho limabwera molembedwa. Ngati uthenga wolakwika unapita kale, wokonza umatumizidwa kwa anthu omwewo panjira yomweyo, ukutchula poyera chimene chinalakwika, monga "tsiku ndi 11, osati 17", chifukwa uthenga wachiwiri wongofanana ndi woyamba anthu amauona ngati wobwereza ndipo sauwerenga. Kalata yoyambayo imasungidwa m'buku la mlembi, kapena kujambulidwa pafoni, mpaka theka lomaliza la ndalama litalowa.