Ndemanga Zifike Lachisanu Lisanadutse

Kalata yochokera kwa abwana ikangoti "tumizani maganizo anu posachedwa", kawirikawiri palibe amene amayankha. Aliyense amati mawa, mpaka lamulo latsopano liyamba kugwira ntchito, kenako madandaulo ali mbwee m'makonde.

Tiyerekeze kuti bungwe la antchito 25 ku Lilongwe lalemba ndondomeko yatsopano ya tchuthi, ndipo likufuna kumva maganizo a antchito isanasainidwe. Choyamba ndi kutchula tsiku ndi ola lomwe. Ngati chikalatacho chatuluka Lolemba pa 2 Juni, ndemanga zitsekedwe Lachisanu pa 13 Juni, 12 koloko masana. Amenewo ndi masiku 10 ogwira ntchito, okwanira kuti amene anali kumudzi kumaliro kapena ku ntchito ya ku Mchinji abwere n'kuwerenga. Masiku atatu okha amachititsa anthu kuganiza kuti nkhani inatha kale, angofunsidwa mwamwambo.

Koma tsiku palokha silitsegula pakamwa. Wopempha ndemanga anene poyera zimene zingasinthe ndi zimene sizingasinthe. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapereka masiku osachepera 15 a tchuthi pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Pamenepo palibe chokambirana, bungwe silingachepetse. Zokambirana zili pena: kodi munthu apemphe tchuthi kutatsala masabata angati? Nanga masiku otsala angawolokere chaka chotsatira? Mafunso awiri otere, ndime zake zitapatsidwa manambala, amabweretsa mayankho ogwirika monga akuti "ndime 4 itivuta ife a kumunda, chifukwa Disembala ndi nthawi yodzala". Funso lakuti "mukuonapo bwanji?" limangokolola "zili bwino, bwana".

Ndipo "zili bwino" ameneyo ngwosadalirika. Kwathu kuno wamng'ono satsutsa wamkulu pagulu, choncho ndemanga zisamapite kwa amene analemba chikalatacho ngati ndiyenso amasainira malipiro. Zipite kwa munthu wina mmodzi wotchulidwa dzina, kapena m'bokosi. Alonda ndi madalaivala, amene nkhani ya tchuthi imawakhudza kwambiri chifukwa cha mashifiti, nthawi zambiri sakhala pa kompyuta. Apatsidwe pepala la m'Chichewa, kapena wina akhale nawo pansi n'kulemba zimene anena.

Lachitatu pa 11 Juni pakhale chikumbutso. Mukaona kuti ayankha ndi akuluakulu a m'madipatimenti okhaokha, dziwani kuti pempho silinafike pansi, ndipo kuli bwino kuwonjezera masiku kwa onse, molengeza, kusiyana ndi kulandira mwamseri ndemanga za ochedwa amene mumagwirizana nawo.

Tsiku likadutsa, ndemanga iliyonse ilembedwe pamndandanda pamodzi ndi yankho lake: yalandiridwa, kapena yakanidwa pa chifukwa chakuti. Mndandandawo, wopanda mayina, upite kwa antchito onse 25 limodzi ndi ndondomeko yokonzedwayo, isanapite ku bodi kukasainidwa.