Zipsepse za pa chitsulo chotentha: mmene zimaziziritsira, ndi mmene mungayezere hitisinki

Injini ya njinga yamoto ya akabaza ili ndi mizeremizere ya chitsulo yotuluka kunja, yonga zipsepse za nsomba. Njinga zambiri zotere zilibe madzi oziziritsa injini ngati galimoto, choncho kutentha konse kotsala m'chitsulo petulo akayaka kuyenera kutengedwa ndi mpweya. Zipsepse zomwezi mudzazipeza mukatsegula ampulifaya, invetala ya sola kapena kompyuta. Mmenemo zimakhala pa kachidutswa ka aluminiyamu komwe okonza mawailesi amati hitisinki. Ambiri amasankha hitisinki ndi maso okha, nkumati iyi ikuoneka yokwana. Komatu kukula kwake munthu angathe kukuwerengera pa pepala, ndipo masamu ake ndi a kupulayimale.

Vuto lenileni ndi mpweya. Chitsulo chimayendetsa kutentha mofulumira, koma mpweya umakulandira mwaulesi kwambiri. Pamwamba pa chinthu chotentha pamakhala kampweya kochepa komwe kamatenthedwa nkumakwera pang'onopang'ono, ndipo kutentha kulibe njira ina yotulukira koma kudzera mmenemo, kupatula kochepa komwe kamawalira kunja monga mmene mbaula imakuwotcherani muli chapatali. Kuchuluka kwa kutentha kotuluka kumadalira zinthu zitatu, ndipo akatswiri amazilemba motere:

```
Q = h × A × ΔT
```

Q ndi kutentha kotuluka, m'mawati. A ndi kukula kwa malo onse okhudzana ndi mpweya. ΔT ndi kusiyana kwa madigiri pakati pa chitsulocho ndi mpweya wozungulira. Chotsala ndi h, nambala yosonyeza changu chomwe mpweya ukutengera kutenthako. Mpweya wodekha wa m'nyumba h wake amakhala pakati pa 5 ndi 10 pa hitisinki wamba, pomwe mphepo ya fani imamukweza kangapo. Mayi aliyense woziziritsa phala la mwana amadziwa kale zimenezi: amalitsanulira m'mbale yotakata kuti malo akule, kenaka nkumauzira kuti mpweya uyende.

Mwa zinthu zitatuzi, ΔT sitingamukweze mmene tikufunira, pakuti chipangizo chili ndi malire ake pomwe chimapsa. Fani amadya magetsi, amasokosa, ndipo tsiku lina amaima. Chotsala chotchipa ndi A. Ntchito ya zipsepse ndi imeneyi basi: kupanikiza malo aakulu okhudzana ndi mpweya m'kadanga kakang'ono.

Koma chipsepse chili ndi malire ake, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kutentha kumalowera patsinde nkumayenda m'chitsulo kulowera kunsonga, kwinaku kukutayika m'mbali njira yonse. Nsonga imakhala yozizirirapo kuposa tsinde, ndipo malo ozizira satulutsa kutentha kwambiri. Kuzizira kwa nsongaku kumadalira mtundu wa chitsulo ndi kukhuthala kwake. Pa mlingo woyezera kayendetsedwe ka kutentha, kopa ali pafupifupi pa 400, aluminiyamu pa 200, chitsulo wamba pa 50. Chipsepse cha aluminiyamu chokhuthala mamilimita 1.5, chotalika masentimita 2, chimatentha pafupifupi mofanana kuyambira patsinde mpaka kunsonga, moti malo ake onse amagwira ntchito. Tsopano dulani chipsepse ku lata lofolerera nyumba, lopyapyala la mamilimita 0.3. Chikatalika masentimita 5, chimangotulutsa kutentha kopitirira pang'ono theka la komwe kukula kwake kukulonjeza. Mukachitalikitsa kufika masentimita 10, mwaonjezera lata lina lofanana ndi loyambalo, koma kutentha kotuluka kwangokwera ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi. Theka lakunsongalo langokhala chitsulo chozizira. Nchifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona mmisiri atamangirira chipangizo chake pa chilata chachikulu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wachiteteza. Kachidutswa kochepa ka aluminiyamu wokhuthala kakanamuthandiza koposa.

Malire ena ndi mpata wa pakati pa zipsepse. Munthu angaganize kuti zikachuluka ndiye bwino, koma zikathinana kwambiri mpweya wotentha umatsamwa pakati pake osakwera, ndipo h amatsika. Pomwe palibe fani, mpata wa mamilimita 6 mpaka 10 umagwira bwino pa mahitisinki ang'onoang'ono. Hitisinki ya zipsepse zothinana yochotsedwa mu kompyuta yakale inapangidwira mphepo ya fani, ndipo popanda faniyo siichita zomwe maonekedwe ake akulonjeza.

Tiyeni tsopano tiyeze hitisinki imodzi kuyambira pachiyambi. Pali kachipangizo ka miyendo itatu kotchedwa 7805, kodziwika kwa aliyense wokonza zamagetsi. Kamalandira magetsi okwera nkutulutsa mavoti 5 okhazikika. Tinene kuti mwakalumikiza ku batire ya sola yomwe ikuwerenga mavoti 13, ndipo chomwe mukuyendetsa chikukoka theka la ampeya. Mavoti 8 otsalawo sapita kwina kulikonse koma kusanduka kutentha mkati mwa kachipangizoko. Chulukitsani 8 ndi 0.5: mawati 4.

Mawati 4 akumveka ochepa, koma 7805 ikakhala yokha pa mpweya imakwera ndi madigiri oposa 50 pa wati iliyonse. Mawati 4 akanaikweza ndi madigiri oposa 200, pomwe opanga ake amati mkati mwake musapitirire 125. Mwamwayi ili ndi chitetezo chomwe chimachepetsa kapena kudula magetsi ikatentha kwambiri. Ndiye mukaona chipangizo chikugwira bwino kwa kanthawi, kenaka nkuzima, nkudzayakanso chikazizira, musathamangire kuganiza za waya womasuka. Kawirikawiri kumakhala kutentha.

Poyamba sankhani manambala awiri. Yoyamba ndi madigiri omwe mukulola mkati mwa kachipangizoko. Musatenge 125 yeniyeniyo, siyani mpata: titenge 100. Yachiwiri ndi kutentha kwa mpweya womwe udzazungulire hitisinki, osati wa m'mawa wa mu Juni koma wa masana a mu Okutobala, m'nyumba ya malata, mkati mwa bokosi. Titenge 40. Kusiyana kwake ndi madigiri 60, ndipo mukawagawa ndi mawati 4 mupeza 15. Tanthauzo lake nlakuti ulendo wonse wa kutentha, kuchokera mkati mwa kachipangizo kufika ku mpweya, usadye madigiri oposa 15 pa wati iliyonse. Pa mapepala a opanga zipangizo mlingo umenewu amaulemba °C/W.

Ulendowu uli ndi zigawo zitatu zotsatizana. Kuchokera mkati kufika pa kachitsulo kakumbuyo kokhala ndi bowo, 7805 imadya pafupifupi 5, ndipo palibe chomwe mungachitepo. Kuchokera pa kachitsuloko kulowa mu hitisinki, tiwerengere 1. Chotsalira hitisinki yeniyeniyo ndi ichi:

```
15 − 5 − 1 = 9 °C/W
```

Ngati mukugula hitisinki yolembedwa nambala yake, mwamaliza: tengani ya 9 kapena yotsikirapo, chifukwa nambala ikachepa ndiye kuti hitisinkiyo ndi yamphamvu. Koma zambiri zomwe timapeza ndi zochotsedwa m'mawailesi ndi m'matiivi akufa, zopanda cholembedwa chilichonse. Pamenepo tibwerera ku A. Titenge h wa 8:

```
A = 1 ÷ (h × R) = 1 ÷ (8 × 9) = 0.014 m² = 140 cm²
```

Mukufuna masikweya sentimita 140 a aluminiyamu wokhudzana ndi mpweya. Tengani rula. Hitisinki ya masentimita 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, ya zipsepse 6 zotukuka masentimita 2, iyezeni motere. Chipsepse chilichonse chili ndi mbali ziwiri, mbali iliyonse 5 kuchulukitsa ndi 2, ndiye 20 pa chipsepse chimodzi, 120 pa zonse. Pansi pa mipata ya pakati pake pali ena pafupifupi 20. Pamodzi 140. Mipatayo ikutuluka ya mamilimita 8, yomwe ili bwino. Kumbuyo kosalalako, komwe kachipangizo kakhala, musakuwerengere, kukhale kongoonjezera. Nambala ya h ndi yongoyerekeza, choncho ngati pa tebulo pali hitisinki yokulirapo pang'ono, tengani imeneyo.

Chigawo chapakati chija, chomwe tachipatsa 1, ndi chomwe chimaononga ntchito zambiri zowerengedwa bwino. Zitsulo ziwiri zooneka zosalala zimangokhudzana pa timalo tochepa, ndipo pena ponsepo pamatsala mpweya, womwe umayendetsa kutentha moperewera kambirimbiri poyerekeza ndi aluminiyamu. Nchifukwa chake amapaka mafuta oyera onata aja pakati pake, kuti atseke timipatato. Pakani ochepa kwambiri, pakuti nawonso sayendetsa kutentha ngati chitsulo, ndipo akachuluka amasanduka chotchinga. Mangani sikuluwu mothina, osati ndi waya kapena mphira. Dziwaninso kuti kachitsulo kakumbuyo kamakhala kolumikizidwa ku magetsi. Pa 7805 kali ku negetivu, ndipo nthawi zambiri sikavuta, koma pa LM317 kali ku magetsi otuluka, moti hitisinki ikakhudza bokosi lachitsulo mudzaona shoti pokhapokha mutaika kapepala kotchinga magetsi pakati. Kapepalako kamaonjezera pa nambala ija ya 1.

Imikani hitisinki kuti mipata ya zipsepse iloze kumwamba, mpweya uzilowera pansi nkutulukira pamwamba. Bokosi likhale ndi mabowo pansi ndi pamwamba pomwe, apo ayi mpweya wa mkatimo upitirira 40 tinawerengera uja. Fumbi lodzaza m'mipata limapha ntchito yonse, monganso matope ouma pa injini ya njinga.

Mukamaliza, yesani. Lolani chipangizo chigwire ntchito kwa theka la ola chili ndi katundu wake wonse. Malinga ndi masamu athu, hitisinki ikwera ndi madigiri 36 pamwamba pa mpweya, ndiye tsiku lotentha lija ifika 76. Kumeneko nkotentha moti chala simungachisiyepo, koma si vuto: hitisinki yotentha ndiye kuti ikulandira kutentha. Choopsa ndi kupeza hitisinki yofunda chabe pomwe kachipangizo kakuwotcha, chifukwa zikusonyeza kuti kutentha sikukuwoloka pakati pa ziwirizi, ndipo muyenera kumasula nkumanganso. Mamita ena oyezera magetsi amabwera ndi kawaya koyezera kutentha. Ngati muli nako, yezani patsinde la hitisinki pafupi ndi sikuluwu, nkuonjezera madigiri 24 (6 kuchulukitsa ndi mawati 4) kuti mudziwe za mkati.

Masamu omwewa amakuuzaninso pomwe hitisinki yalephera. Tinene kuti katundu wakwera kufika ampeya imodzi yathunthu. Mawati ndi 8 tsopano, ndipo 60 kugawa ndi 8 ndi 7.5. Mukachotsa 6 uja wosasintha, hitisinki yatsala ndi 1.5 yokha, yomwe ikufuna masikweya sentimita oposa 800. Magetsi angowirikiza kawiri koma aluminiyamu wofunika wawirikiza kasanu nkamodzi. Apa ine sindingalangize munthu kusaka hitisinki yaikulu chotere, ngakhale kuika fani wodyanso batire yomweyo. Mawati 8 akutayika kuti mupeze mawati 5 ogwiritsa ntchito. Chanzeru ndi kuchotsa 7805 nkuika kabolodi kotsitsa magetsi modukizadukiza, monga ka LM2596, komwe pa ntchito yomweyi kamangotaya wati imodzi kapena ziwiri.