Kodi mumadziwa?

Mu 1984, pulofesa wa ku Japan, Noriaki Kano, anaonetsa kuti zinthu zimene zimapangitsa katundu kukhala wabwino sizikhudza wogula mofanana. Anazigawa m'magulu, ndipo akuluakulu ndi atatu.

Titengere mpunga wa Kilombero wa pa sikimu ya Bwanje ku Mtakataka. Kupanda miyala ndi mankhusu ndi chofunika chosakambirana, ndipo chili m'gulu loyamba. Palibe amene angakuthokozeni chifukwa cha ichi, koma dzino likangoluma mwala umodzi, wogula sabweranso. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zikamachuluka, wogula amakondweranso kwambiri, monga fungo ndi mpunga wosasweka pokonola. Apa ndi pamene mtengo umakwerera. Lachitatu ndi la zosayembekezeka, monga paketi yolembedwa muyeso wa madzi ophikira. Ikasowa palibe wodandaula, koma ikapezeka wogula amasangalala.

Kuti mudziwe gulu la chinthu, funsani ogula mafunso awiri: mungamve bwanji chitakhalapo, nanga chitapanda kukhalapo? Muzifunsanso pakapita nthawi, chifukwa chodabwitsa cha lero chimasanduka chizolowezi. Alimi ndi ogulitsa, yambani mwachotsa miyala musanawononge ndalama pa mapaketi okongola.