Momwe zithunzi za malonda zimakhalira za banja limodzi

Kampani ya tiyi ikufuna zithunzi zitatu zotsatsira malonda: china cha m'munda m'mamawa, china cha m'khitchini usiku, china cha m'sitolo. Zikatuluka m'kamera sizigwirizana. Kuwala kwa masana kumakhala pafupifupi 5,500 pa muyezo wa Kelvin, pamene kwa babu lakale lija kumakhala cha m'ma 3,000, ndiye cha m'munda chimapendekera ku buluu, cha m'khitchini ku chikasu. Mwini malonda amangoti, "Ndikufuna zofunda, za mati, zooneka ngati filimu."

Wokonza zithunzi wodziwa ntchito sayambira pa mawu amenewa. Amayamba wafananitsa zithunzi zonse kuti kapu yoyera ioneke yoyera paliponse. Akalumpha apa, kufunda kumene kukukongoletsa munda kumapsereza khitchini, nkhope n'kusanduka zaolenji.

Kufunditsa n'kosavuta: mu Lightroom amakankhira Temp kumanja pang'ono, mitundu n'kupendekera ku chikasu ngati dzuwa likamapita kukalowa. Maonekedwe a filimu amabwera akathira timadontho tonga mchenga pa Grain ndi kufewetsa malo owala kwambiri, potsanzira mafilimu a kamera monga Kodak Portra 400.

Mati ndiye amafuna maso. Pakompyuta, kuda kwenikweni ndi 0 ndipo kuyera kwenikweni ndi 255. Wokonza amatsegula Tone Curve n'kukweza nsonga yapansi kumanzere kuchoka pa 0 kufika mwina pa 20, kotero kuti m'chithunzi simukhalanso chakuda bii. Chimaoneka chofatsa, chosanyezimira. Koma mbali yomwe wakwezayo ndi yomwenso mumakhala mithunzi ya pankhope ya munthu wakhungu lakuda. Akapitirira, kufika 40 kapena kuposa, mayi wothyola tiyi amaoneka wotuwa ngati sanadzole mafuta, ndipo tsitsi limataya mizere yake. Ine ndimati akweze pang'ono, kenako abwezeretse kufiirira kwa khungu payekha, chifukwa woona amakhululuka masamba osintha mtundu koma osati nkhope yodwala. Paketi ya tiyi nayo aziiteteza. Kufiira kwake kukhale komwe wogula akakupeze pashelefu.

Vuto lina ndi lakuti kufunda kwa bwana si kufunda kwa wojambula. N'chifukwa chake amagwirizana pa chithunzi chimodzi, n'kusunga manambala ake kuti agwiritsidwe ntchito pa zinazo. A mavidiyo amasunga zimenezi mu fayilo ya LUT, imene amaitsegula mu DaVinci Resolve. Manambalawo ndi poyambira chabe, chithunzi chilichonse amachiikabe pambali pa choyambacho n'kukonza.

Asanatumize kosindikiza, aone zonse zitatu pafoni komanso papepala loyeserera. Pepala la nyuzipepala limamwa inki ndipo limazimiritsa kale zakuda, choncho mati amene anali bwino pafoni angafunike kuchepetsedwa.