Mkanda wa 20 ukhala wamtundu wanji?

Tungani mikanda pa ulusi motere: wofiira, woyera, wofiira, woyera, wofiira, woyera. Mukampatsa mwana wa zaka zisanu kuti apitirize, nthawi zambiri salephera, ndipo akuluakulu timakondwera kuti mwana wagwira masamu. Koma musafulumire. Tunganinso ina: wofiira, wofiira, woyera, wofiira, wofiira, woyera. Ana ambiri amene anakhoza poyamba paja apa amabwerera ku zakale, n'kuyamba kusinthanitsa wofiira ndi woyera umodzi umodzi. Chimene anagwira n'chakuti mitundu imasinthana basi. Sanaone kuti pali kagawo kamene kakubwerezedwa.

Kagawo kameneko ndiye mwini nkhani pa phunziro limene aphunzitsi amalitchula kuti mapatani. Ine ndimakonda kukayerekeza ndi mpindi wa nzimbe. Nzimbe ingatalike bwanji, ndi mipindi yofanana yolumikizana, ndipo mwana aliyense amadziwa pamene mpindi wathera chifukwa ndi pamene amathyola. Pa ulusi wathu wachiwiri uja, mpindi ndi mikanda itatu: wofiira, wofiira, woyera. Mphunzitsi kapena kholo amene wathandiza mwana kuona mpindiwo wachita ntchito yeniyeni, kuposa amene wamuuza kuti atunge ulusi wofika pakhomo.

Poyamba, muonetseni mwana mipindi itatu yathunthu, kutanthauza mikanda 9. Pali chifukwa chake. Mukangomuonetsa wofiira, woyera, wofiira, palibe amene angadziwe chotsatira. Mwina mpindi ndi iwiri yoyambayo, ndiye wotsatira ndi woyera. Mwinanso mpindi ndi itatu yonseyo, ndiye wotsatira ndi wofiira. Mwana amene mwamuchonga kuti walakwa pamenepa angakhale kuti waganiza bwino kuposa funso lanulo. Akaona mipindi itatu, musamufunse chotsatira chokha. Mpatseni timitengo kapena tiudzu, aike pamene mpindi uliwonse wathera. Kenako muuzeni kuti atunge kaulusi kakafupi kwambiri kamene mnzake angayang'anepo n'kupanga wautali uja. Akabweretsa mikanda itatu, waona. Akabweretsa iwiri, kapena akakopera yonse 9, sanafike, ndipo kumuonjezera mikanda sikungamuthandize.

Apa m'pamene kuwomba m'manja kumalowera. Wofiira akhale kuwomba, woyera akhale kuponda pansi: phwa, phwa, di, phwa, phwa, di. Ana athu sachita kuphunzira zimenezi kusukulu. Amakula akumva amayi akuwomba m'manja pa chisamba ndi kutchalitchi, ndipo thupi limadziwa pamene nyimbo yazungulira ngakhale pakamwa pasanathe kufotokoza. M'kalasi ya ana ochuluka, momwe mikanda singakwanire aliyense, manja ndi mapazi aliyense ali nazo. Komabe pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti mphunzitsi amapumira pang'ono akamaliza mpindi uliwonse, mosadziwa, ndiye kuti wawauza kale ana yankho. Poyambirira kupumirako n'kothandiza, koma pambuyo pake kugunda kuziyenda mofanana kuti ana apeze okha malire. Wachiwiri ndi wakuti pagulu mwana wosokonezeka amangotsanzira anzake, amachedwa pang'ono chabe, ndipo m'phokosomo saoneka. Muwombetse ana atatu kapena anayi okha atatembenukirana misana, mudzamudziwa.

Phokoso likangomveka latha, n'chifukwa chake kujambula kumafunika. Pa mchenga, pa sileti kapena m'kope, mwana alembe zimene wawomba: kabwalo, kabwalo, kamzere. Zojambulazo zikhale zapafupi. Mukati ajambule nkhuku ndi mbuzi, phunziro lonse lithera pa miyendo ya mbuzi. Ndipo musalole kuti azingokopera mitundu ya mikanda ndi makrayoni, chifukwa chimene tikufuna n'chakuti asamutse mpindi kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Tsiku limene mwana adzaloza ulusi wa mikanda, mzere wa nyemba, nyemba, chimanga, ndi zojambula za pa mchenga n'kunena kuti zonsezi n'chimodzimodzi, ndiye kuti wasiya kuyang'ana mtundu wa chinthu, wayamba kuyang'ana kamangidwe kake. Ku America, Bethany Rittle-Johnson ndi anzake anatsata ana oposa 500 a m'mabanja osauka kuyambira ali ndi zaka zinayi mpaka 11. Zimene anasindikiza mu 2017 zinaonetsa kuti luso la mapatani obwerezabwereza ali aang'ono linkalosera ndithu mmene adzakhozere masamu ali okulirapo.

Tsopano tibwerere ku funso lili pamutu pa nkhaniyi. Ulusi uli ndi mikanda 9 yokha, ndipo mukufunsa kuti wa 20 udzakhala wotani, popanda kutunga. Mwana wamng'ono adzawerenga umodzi umodzi ndi chala m'malere, ndipo palibe cholakwika. Amene waona mpindi amadumpha: woyera uli pa 3, pa 6, pa 9, ndiye udzakhalanso pa 12, pa 15, pa 18. Wa 19 ukuyamba mpindi watsopano, choncho ndi wofiira, wa 20 nawonso wofiira. Taonani zimene wachita mwanayu. Wawerenga modumpha atatuatatu, komwe ndi chiyambi cha kuchulukitsa ndi 3, ndipo wapeza kuti mu 20 muli magulu 6 a itatu ndi iwiri yotsala. Kumeneko n'kugawa kokhala ndi zotsala, kumene adzakumane nako m'makalasi akutsogolo, koma iye wakugwira kale ndi zala.

Ana okulirapo amagwa pena. Apatseni mikanda 10 yoyambirira, awerenge yoyera, apeza itatu. Mukafunsa kuti mu mikanda 30 yoyera ikhala ingati, ambiri amati 9, poganiza kuti 30 ndi 10 katatu. Yankho ndi 10. Chalakwika n'chakuti mikanda 10 sithera pa malire a mpindi: ndi mipindi itatu ndi mkanda umodzi wapadera, ndipo itatu yapaderayo ikakumana imapanga mpindi wina. Musamuuze msanga. Mlekeni atunge 30 yonseyo, awerenge, adabwe, kenako afufuze yekha kumene woyera wa khumiwo wachokera.

Zipangizo sizifuna ndalama. Aphunzitsi a ku Malawi amadziwa mawu akuti TALULAR, kuphunzitsa ndi zimene zikupezeka pamalopo, ndipo zitsekerero za mabotolo zoboola pakati, timapesi toduladula ndi njere zikuluzikulu zimagwira ntchito ngati mikanda yogula. Kwa ana a mkombaphala sankhani zazikulu, popeza kamkanda kakang'ono sikachedwa kulowa m'mphuno kapena kukhosi. Pewaninso kudalira zofiira ndi zobiriwira zokha. Ana ena, makamaka anyamata, maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, ndipo mungaganize kuti masamu awavuta pamene vuto lili pa mtundu. Zinthu zosiyana kukula kapena maonekedwe zimachotsa chikayiko chimenechi.

Pomaliza phunziro, mangani nsonga ziwiri za ulusi kuti ukhale chibangiri. Ndi mikanda 12 mpindi wathu umazungulira bwinobwino, polumikizira posaoneka. Ndi mikanda 14 yofiira inayi imagundana pamfundo, ndipo ana amaona msanga kuti pawonongeka. Afunseni kuti achotse ingati kapena aonjeze ingati kuti chikhale bwino. Wina adzachotsa iwiri, wina adzaonjeza umodzi, ndipo onse awiri akhoza.